Damu la Rylands ndi mgodi wa Fletcher: chifukwa chake munthu amalipira ngakhale anasamala

M'chaka cha 1860, John Rylands, mwini fakitale ya nsalu ku Ainsworth m'chigawo cha Lancashire ku Mangalande, anafuna madzi okwanira oyendetsera makina ake. Anapangana ndi mwini malo oyandikana ndi fakitaleyo, Lord Wilton, kuti akumbepo damu, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa injiniya ndi makontalakita odziwa ntchito yawo. Pokumba, anthuwa anapeza maenje akalekale a mgodi wa malasha omwe unasiyidwa, atakwiriridwa ndi dothi. Sanawatseke molimba. Anangopitiriza kumanga, ndipo damu litatha anayamba kuthiramo madzi.

Pa 11 Disembala 1860, damulo lisanadzaze n'komwe, limodzi mwa maenje aja linagumukira pansi. Madzi anatsikira m'njira zakale za pansi pa nthaka, nayenda mpaka kukatulukira mu mgodi wa Red House, momwe Thomas Fletcher ankakumba malasha. Mgodi unadzaza madzi, ntchito inaima, ndipo zowonongeka anaziwerengera mapaundi 937.

Fletcher anasumira Rylands. Koma amene anapatsidwa ntchito yofufuza zomwe zinachitika anapeza chinthu chomwe chinavutitsa oweruza kwa zaka zingapo. Makontalakita ndiwo anachita mosasamala, koma Rylands mwiniwake sanalakwe kalikonse. Sankadziwa za maenjewo, analibe chifukwa chowaganizira, ndipo anthu omwe anawalemba anali oyenera ntchitoyo. Malamulo a nthawiyo ankanena kuti munthu sayankha pa zolakwa za kontalakita wodziimira payekha, kusiyana ndi wantchito wake wapamwezi. Ndiye funso linali loti, munthu yemwe sanalakwe angalipire bwanji?

Khothi loyamba kuunika funsoli, m'chaka cha 1865, linati sangalipire. Oweruza awiri anagwirizana ndi Rylands, mmodzi yekha, Bramwell, ndiye anatsutsa. Fletcher anachita apilo, ndipo mu 1866 khothi lapamwamba linatembenuza chigamulocho. Woweruza Blackburn, polankhula m'malo mwa anzake, anaika mfundo yomwe ophunzira malamulo amaloweza mpaka lero. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene, pofuna phindu lake, wabweretsa pamalo pake ndi kusungapo chinthu chomwe chingawononge ngati chitapulumuka, achisunge podziwa kuti chikathawa mlandu ndi wake, ndipo adzalipira zowonongeka zonse zobwera mwachibadwa ndi kuthawako. Mu 1868 khothi lomaliza la ku Britain panthawiyo, House of Lords, linavomereza, ndipo Fletcher anapambana patatha zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu chisefukireni mgodi wake.

Blackburn sankaona ngati akupanga lamulo latsopano. Anati mfundoyi inalipo kale m'milandu yakale, natchula munthu yemwe ng'ombe za mnzake zamudyera mbewu, yemwe zonyansa za m'chimbudzi cha mnzake zalowa m'chipinda chake chapansi, ndi yemwe utsi wa fakitale ya mankhwala wamuipitsira nyumba. Chitsanzo cha ng'ombecho aliyense wokulira kumudzi amachidziwa. Ziweto zikalowa m'munda wa eni, pabwalo la mfumu sataya nthawi kufunsa ngati khola linali lolimba kapena ngati chingwe chinali chatsopano. Amafunsa kuti ziwetozo n'zayani, kenaka n'kukaona mapesi omwe adyedwa. Blackburn anangotenga maganizo omwewo n'kuwaika pa madzi ochuluka omwe munthu wawaunjika dala pamwamba pa anzake.

Tisaiwalenso kuti m'zaka zimenezo anthu a ku Mangalande ankaopa madamu, ndipo anali ndi chifukwa. Mu 1852 damu la Bilberry linaphulika pafupi ndi Holmfirth n'kupha anthu 81, ndipo mu 1864, mlandu wa Fletcher uli m'kati, damu la Dale Dyke pafupi ndi Sheffield linapha anthu oposa 200. Zigamulo za mlanduwu sizitchula ngozi zimenezi, koma n'zovuta kukhulupirira kuti oweruzawo sankazikumbukira.

Kuti tione kusiyana kwake, tiyeni titenge mlandu womwewu tiuyese ndi lamulo la kusasamala, lomwe linakhazikika bwino pambuyo pake, makamaka ndi mlandu wa Donoghue ndi Stevenson wa mu 1932. Pansi pa lamulo limeneli wodandaula ali ndi ntchito yaikulu. Ayenera kuonetsa kuti wodandaulidwayo anali ndi udindo womusamalira, kuti anachita zochepera pa zomwe munthu wanzeru ndi wosamala akanachita pamalo pake, ndiponso kuti kuperewera kumeneko ndiko kunabweretsa chiwonongeko. Mtima wa mlandu wonse uli pa khalidwe la munthuyo. Khothi limafuna kudziwa zomwe ankadziwa, zomwe akanayenera kudziwa, ndalama zomwe zikanafunika kuti apewe ngoziyo, ndi zomwe ena a ntchito yomweyo amachita. Rylands akanangoti: ndinalemba injiniya wodziwa, ndinalemba makontalakita odziwika, za maenje sindinauzidwe. Yankho limenelo, pa lamulo la kusasamala monga linalili nthawiyo, likanamupulumutsa.

Pa lamulo la Blackburn yankho lomwelo lilibe ntchito. Khothi silifunsa kuti munasamala bwanji. Limafunsa kuti chinthucho anachibweretsa ndani, chinali cha mtundu wanji, kodi chinatuluka pamalo pake, ndipo chinawononga chiyani. Rylands akanatha kubweretsa umboni wodzaza ngolo woonetsa kuti anachita zonse zotheka, woweruza akanaumvetsera n'kugamulabe kuti alipire. Maganizo ake ndi oti pali ntchito zina zomwe lamulo silikuletsa, chifukwa dziko likuzifuna, koma zomwe zimaika anansi pa chiopsezo chomwe iwo sanachisankhe ndipo sapindula nacho. Wina ayenera kusenza mtengo wa tsoka likagwa. Pakati pa Rylands, yemwe anafuna damu ndi kudyerera phindu lake, ndi Fletcher, yemwe ankangokumba malasha ake, lamuloli limasankha Rylands.

Palinso nkhani ya umboni, yomwe m'maso mwanga ndiyo imapangitsa kusiyanaku kukhala kwenikweni osati kwa m'mabuku chabe. Zonse zoonetsa kusasamala zimakhala kuseri kwa mpanda wa wodandaulidwa. Mapulani a damu, malipoti a oyendera, makalata a mainjiniya, zonsezi zili m'manja mwa kampani. Mlimi yemwe dimba lake lakwiririka ndi matope amadziwa chinthu chimodzi, kuti matopewo achokera kumtunda. Kumuuza kuti atsimikize vavu yomwe inaiwalika kapena khoma lomwe linamangidwa mopereweza n'kumupatsa katundu yemwe sangamusenze popanda akatswiri odula. Lamulo la Rylands limamuchotsera katunduyo.

Komabe tisafulumire kuganiza kuti chilichonse chotuluka kwa mnzako n'kukuwonongera chikulipiritsa. Lord Cairns, povomereza chigamulo cha Blackburn mu 1868, anawonjezera mawu omwe anadzasanduka khomo lopapatiza. Anati lamuloli limagwira pamene munthu wagwiritsa ntchito malo ake m'njira yosakhala yachibadwa. Anasiyanitsa milandu iwiri yakale ya migodi. M'mlandu wina, munthu anakumba malasha ake mwanthawi zonse ndipo madzi omwe analipo kale m'nthaka anatsetserekera okha ku mgodi wa mnzake wakumunsi, ndipo sanalipire. M'mlandu winawo, munthu anapopa madzi n'kuwakweza pamalo pomwe anayenderera kwa mnzake, ndipo analipira. Madzi a Rylands sanali a pamenepo. Anachita kuwabweretsa.

M'kupita kwa zaka makhothi anasintha kamvedwe ka mawuwa. Analeka kufunsa ngati chinthucho chinabwera chokha kapena ndi manja a munthu, nayamba kufunsa ngati ntchitoyo ndi yachilendo ndiponso yoopsa kuposa zomwe anthu amachita masiku onse pamalo otero. Mlandu wa kampani ya gasi ya Transco ndi khonsolo ya Stockport wa mu 2003 ukuonetsa pomwe zinafika. Payipi yaikulu yopititsa madzi ku nyumba yosanja ya khonsolo, momwe munali mafulati 66, inabooka pansi pa nthaka popanda wodziwa. Madzi anayenda kwa nthawi, nafewetsa chimulu cha dothi la njanji yakale mpaka chinagumuka, n'kusiya payipi ya gasi ya Transco ili lende popanda chochirikiza. Kukonza kunadya mapaundi pafupifupi 94,000. Panalibe umboni woti khonsolo inachita mosasamala, choncho Transco inadalira Rylands. House of Lords inakana. Inati kupititsa madzi a m'nyumba m'payipi, ngakhale payipiyo ikhale yaikulu, ndi ntchito wamba ya masiku ano, ndipo lamuloli n'la zinthu zomwe mwini wake akudziwa, kapena ayenera kudziwa, kuti zili ndi chiopsezo chachikulu kwambiri zikapulumuka. Mmodzi wa oweruza, Lord Hoffmann, ananenanso kuti maloya a mlanduwo sanapeze mlandu wolembedwa ngakhale umodzi kuchokera pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse womwe wodandaula anapambana ndi lamuloli ku Mangalande.

Khomo lina ndi la kupulumuka kwenikweniko. Chinthucho chiyenera kuchoka pamalo a wodandaulidwa n'kukafika kunja. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, mayi Read ankagwira ntchito yoyendera m'fakitale ya zipolopolo zikuluzikulu yomwe kampani ya Lyons inkayendetsa m'malo mwa boma. Chipolopolo china chinaphulika, munthu mmodzi anafa, mayiwo anavulala. Sananene kuti kampaniyo inachita mosasamala, anangodalira Rylands, ndipo mu 1946 anagonja chifukwa kuphulikako kunachitikira m'kati mwa fakitale momwe iwo anali. Palibe chinatuluka mpanda. Zimamveka zowawa, ndipo n'zowawadi, kuti kuphulika komweko kukanagwetsa khoma la nyumba ya tsidya lina la msewu nkhani ikanayenda mwina. Chifukwa chake n'chakuti ku Mangalande lamuloli amalitenga ngati la pakati pa eni malo oyandikana, loteteza malo ndi katundu wake osati thupi la munthu. Pa mlandu wa Transco oweruza ananenetsa kuti chipukutamisozi cha kuvulala kapena imfa sichipezeka kudzera m'lamuloli. Wovulala ayenera kubwerera ku lamulo la kusasamala, kapena ku malamulo apadera omwe nyumba ya malamulo inakhazikitsa.

Mlandu womwe umasokoneza ophunzira ambiri ndi wa kampani ya madzi ya Cambridge ndi kampani yofufuta zikopa ya Eastern Counties Leather, womwe unagamulidwa mu Disembala 1993, ndipo ndi bwino kuukhalira pansi chifukwa ndi pomwe malamulo awiriwa amayandikana kwambiri osakhudzana. Fakitale ya zikopayo, m'mudzi wa Sawston, inkagwiritsa ntchito mankhwala osungunula mafuta pa zikopa. Mpaka 1976 mankhwalawa ankabwera m'migolo, ndipo powatsanulira m'makina ankatayikira pansi pang'onopang'ono, lero kadontho mawa kadontho, kwa zaka zambiri. Analowa pansi pa simenti, natsikira m'miyala yosunga madzi, nayenda mtunda wa makilomita awiri mpaka pa chitsime chakuya chomwe kampani ya madzi inkapopapo madzi akumwa. Mu 1983 madziwo atayezedwa anapezeka kuti sakukwanira pa muyezo watsopano wa ku Ulaya, ndipo chitsimecho chinatsekedwa. Kampani ya madzi inafuna ndalama zomwe inawononga popeza madzi kwina, ndipo khothi la apilo linaipatsa mapaundi oposa miliyoni imodzi.

House of Lords inalanda ndalamazo. Lord Goff anavomereza kuti kusunga mankhwala ochuluka pa fakitale ndi chitsanzo chenicheni cha kugwiritsa ntchito malo m'njira yosakhala yachibadwa, ngakhale fakitaleyo ikhale yopatsa anthu a m'mudzi ntchito. Mankhwala anapulumukadi, chiwonongeko chinalipodi. Chomwe chinasowa n'chakuti m'zaka zomwe mankhwalawo ankatayika, kapitawo wanzeru wa fakitale yotero sakanaganiza kuti madontho a pa simenti angakaipitse madzi a pansi pa nthaka kutali chotero. Ankayembekeza kuti amauma n'kuuluka ndi mpweya. Choopsa chomwe akanachiganizira chinali choti wina angakomoke ndi fungo ngati mankhwala ambiri atatayika nthawi imodzi.

Apa wina angafunse kuti, ngati tayamba kufunsa zomwe munthu akanaoneratu, sitinabwerere ku kusasamala? Ayi, ndipo kusiyana kwake kuli pa chinthu chomwe chiyenera kuonedweratu. Pa kusasamala timafunsa ngati munthuyo akanaoneratu ngoziyo ndipo analephera kuchita zoyenera kuti aipewe. Pa Rylands timafunsa funso laling'ono: tiyerekeze kuti chinthuchi chapulumuka, mwa njira iliyonse, kodi mtundu uwu wa chiwonongeko ndi womwe munthu akanauyembekezera? Rylands sakanaoneratu kuti madzi adzathawira m'maenje obisika, koma mwana aliyense akudziwa kuti madzi a damu akapulumuka amasefukira ndi kumiza zinthu. N'chifukwa chake analipira. A zikopa aja, ngakhale ukanawauza kuti mankhwala anu akutayika, sakanadziwa kuti mapeto ake ndi chitsime choipitsidwa. N'chifukwa chake sanalipire. Ndipo fakitale yomwe ingatayire mankhwala omwewo lero singabisale kuseri kwa chigamulochi, popeza tsopano aliyense wa ntchitoyo akudziwa komwe mankhwala otere amapita.

Wodandaulidwa alinso ndi zodzitetezera zingapo, ndipo ziwiri ndizo zimabuka kawirikawiri. Choyamba ndi zochita za mlendo yemwe mwini malo alibe naye ulamuliro. Pa mlandu wa Rickards ndi Lothian wa mu 1913, wochokera ku Melbourne, munthu wosadziwika anatseka dala potulukira madzi m'beseni la chipinda chapamwamba n'kutsegula mpopi usiku, madzi n'kuwononga katundu wa wamalonda wa pansi. Mwini nyumba sanalipire. Koma kontalakita yemwe wamulemba wekha si mlendo, apo ayi Rylands akanapulumuka.

Chachiwiri ndi mphamvu ya chilengedwe yoposa zomwe munthu angakonzekere. Mu 1876, pa mlandu wa Nichols ndi Marsland, mvula yomwe anthu a m'deralo anali asanaionepo inagumula maiwe okumba okongoletsera malo, madzi n'kukokolola milatho inayi, ndipo khothi linamasula mwini maiwewo. Koma mu 1917, pamene khonsolo ya Greenock ku Scotland inapatutsa mtsinje pomanga dziwe losewereramo ana ndipo mvula yamphamvu inasefukira mpaka kuwononga katundu wa kampani ya njanji, House of Lords inakana chifukwa chomwecho, niti mvula yamphamvu ku Scotland si chinthu chodabwitsa. Ndikuona kuti mfundo imeneyi ikulemera chaka ndi chaka kuno kwathu. Kum'mwera kwa Malawi kwadutsa namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mwini damu yemwe angaime m'khothi mawa n'kunena kuti mvula yotere palibe akanaiganizira adzavutika kupeza womukhulupirira.

Nkhani ya ku Lancashire imatikhudza chifukwa Malawi ndi Zambia analandira malamulo a makhothi a ku Mangalande pa nthawi ya atsamunda, Malawi kudzera m'lamulo la 1902 ndipo Zambia potengera momwe malamulowo analili mu 1911. Rylands, wa mu 1868, analowa nawo limodzi. Zigamulo za ku London za masiku ano, monga za Cambridge ndi Transco, oweruza athu amaziwerenga ndi kuzilemekeza koma sakakamizidwa kuzitsata, ndiye kuti kupapatiza konse komwe tafotokozaku sikuti kumangogwira kuno kokha popanda khothi lathu kukuvomereza. Abale omwe ali ku South Africa ndi ku Zimbabwe adziwe kuti kumeneko maziko ndi ena, a malamulo a Chiroma ndi Chidatchi, omwe pa milandu yowonongerana katundu amayambira pa kufunsa ngati munthu analakwa.

Ndipo mayiko omwe analandira Rylands sanayende njira imodzi. Khothi lalikulu la Australia, mu 1994, pa mlandu wa moto womwe unabuka m'nyumba yosungiramo katundu pa doko la Burnie, linati lamuloli lamezedwa ndi la kusasamala. Linangowonjezera kuti amene akuchita ntchito yoopsa pamalo pake sangakankhire udindo wosamala kwa kontalakita, ndipo chisamaliro chofunika chimakula molingana ndi kuopsa kwa ntchitoyo. Rylands akanalipirabe ku Australia, koma chifukwa cha kulakwa kwa makontalakita ake, osati chifukwa chongosunga madzi. India inapita mbali inayo. Mpweya wapoizoni utapha anthu zikwizikwi ku Bhopal mu Disembala 1984, kenaka mpweya wina n'kutuluka pa fakitale ya Shriram ku Delhi patangotha chaka, khothi lalikulu la dzikolo pansi pa woweruza wamkulu Bhagwati linagamula mu 1986 kuti lamulo la m'zaka za m'ma 1800 silikwanira mafakitale a masiku ano. Linati kampani yochita ntchito yoopsa ilipire aliyense wovulala, popanda zodzitetezera zija za mlendo kapena za chilengedwe, ndipo chipukutamisozi chilingane ndi kukula kwa kampaniyo.

Kwa ife funsoli si la m'kalasi. Migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt imasunga matope ndi madzi a asidi m'madamu akuluakulu kumtunda kwa minda ndi mitsinje, zomwe zikufanana ndi damu la Rylands kuposa payipi ya ku Stockport. Anthu 1,826 a m'midzi ya ku Chingola anasumira kampani ya Konkola Copper Mines ndi kholo lake Vedanta ku London, akudandaula kuti zotuluka ku mgodi wa Nchanga zinaipitsa madzi ndi minda yawo. Khothi lalikulu la Britain linagamula mu 2019 kuti mlanduwo ungamvedwe ku Mangalande, koma mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khothi mu 2021 popanda kampani kuvomera kulakwa, kotero funso la yemwe ayenera kuyankha silinagamulidwe. Mu Febuluwale 2025 damu la zotsalira za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi n'kulowa m'mitsinje yothira mu Kafue. Loya wa mlimi wa m'mbali mwa mtsinje wotero saika mazira onse pa lamulo limodzi. Amasuma pa kusasamala, pa kusokoneza mnansi pamalo pake, pa Rylands, ndi pa malamulo a zachilengedwe ndi a migodi, zonse m'chikalata chimodzi. Amatero chifukwa kusasamala kumafikira ovulala m'thupi ndi omwe alibe malo awoawo koma kumafuna umboni wa kuseri kwa mpanda, pomwe Rylands safuna umboniwo koma, ngati khothi litsata njira ya ku London, amathandiza yekhayo amene munda kapena chitsime chake chawonongeka.